Kukonza sikirini yoyamba ya foni ya Android kuti isakhale yothinana

Sikirini imene imaoneka foni ya Android ikangotsegulidwa ndi apu payokha, yofanana ndi ina iliyonse. Apu imeneyi imatchedwa loncha, ndipo ntchito yake ndi kuyala maaikoni, kusunga mafoda ndi mawijeti, komanso kutsegula apu imene munthu wadina. Kampani iliyonse imaika yakeyake: mafoni a Samsung amabwera ndi One UI Home, a Google ndi Pixel Launcher, a Tecno ndi loncha ya HiOS, pomwe a Infinix amakhala ndi ya XOS. Popeza loncha ndi apu chabe, ingathe kulowedwa m'malo ndi ina popanda kukhudza zithunzi, manambala kapena mauthenga amene ali m'foni.

Maloncha odziikira alipo ambiri. Nova Launcher, imene anailemba Kevin Barry, ndiyo yakhala yotchuka kwa zaka zambiri, ngakhale zina mwa zabwino zake zimapezeka mu Nova Launcher Prime yolipira. Lawnchair ndi yaulere, imaoneka ngati ya mafoni a Pixel, ndipo malamulo amene inalembedwera ali poyera kuti aliyense awaone. Niagara Launcher inasiyiratu kachitidwe ka mizere yopingasana, m'malo mwake imandandalika maapu ochepa chotsika m'munsi. Ikaikidwa m'foni, loncha yatsopano imasankhidwa potsata njira ngati iyi, ngakhale mayina amasiyanako malinga ndi mtundu wa foni:

```
Settings > Apps > Default apps > Home app
```

Loncha yakale sichoka. Imakhala pambali ndi kayalidwe kake konse, ndipo kubwerera kwa iyo n'kudutsa njira yomweyo. Chimene chimadzidzimutsa ambiri n'chakuti loncha yatsopano imayamba ndi masamba opanda kanthu kapena okhala ndi maapu ochepa, munthu n'kuganiza kuti zinthu zake zafufutika. Palibe chimafufutika, maapu onse amakhala ali m'ndandanda waukulu umene umatuluka chala chikakankhidwa chokwera m'mwamba.

Ndandanda umenewu ndiwo maziko a sikirini yaudongo. Aikoni ya pa sikirini yoyamba ndi njira yachidule chabe yopitira ku apu, choncho kuichotsa ndi Remove sikufanana ndi kuchotsa apuyo ndi Uninstall. Foni yokhala ndi maapu 60 sifunika maaikoni 60 poonekera, chifukwa amene munthu amatsegula tsiku ndi tsiku ndi ochepa. Otsalawo amapezeka msanga polemba zilembo ziwiri kapena zitatu m'bokosi lofufuzira. M'makonzedwe a loncha mumakhalanso kabatani kamene kamachititsa kuti apu iliyonse yatsopano iziika yokha aikoni yake pa sikirini. Pa Samsung kamalembedwa Add new apps to Home screen. Kabatani kameneka kakasiyidwa koyaka, sikirini yokonzedwa bwino imadzazanso pakangopita milungu yochepa.

Kukonza kwenikweni kumayambira pa giridi, yomwe ndi mizere yosaoneka imene imagawa sikirini m'timabokosi. Giridi ya 4x5 imakhala ndi mabokosi anayi chopingasa ndi asanu chotsika, onse pamodzi 20. Ya 5x6 imakhala ndi 30. Kuchulutsa mabokosi kumaoneka ngati phindu, koma malire ake ndi kukula kwa chala cha munthu, ndipo izi zimawerengeka mosavuta.

Foni ya mainchesi 6.5 yokhala ndi madontho 720 chopingasa ndi 1600 chotsika, yomwe ndi saizi yofala pa mafoni otsika mtengo, imakhala ndi galasi lotambalala pafupifupi mamilimita 68. Likagawidwa panayi, bokosi lililonse limakhala mamilimita 17. Pasanu limakhala pafupifupi 13.5, pasanu n'kamodzi limatsikira pa 11, ndipo likagawidwa pasanu n'katatu limangokhala 8.5. Malangizo a Google kwa olemba maapu amati malo odinapo asachepere 48dp, omwe ndi pafupifupi mamilimita 9. Apa zikuoneka kuti giridi ya mizere isanu ndi itatu yapyola kale malire, ngakhale maloncha ena amailola. Vuto limayamba msanga kuposa pamenepo, chifukwa dzina la apu limalembedwa pansi pa aikoni. Pa mizere isanu ndi umodzi, dzina lalitali limadulidwa n'kutsala madontho atatu kumapeto, ndipo maapu awiri oyamba ndi mawu ofanana sasiyanitsikanso. Pa foni ya saizi imeneyi, mizere isanu ndiyo yoyenera anthu ambiri, pomwe inayi ndiyo yabwino kwa amene maso awo akuvutika kapena amene zala zawo ndi zazikulu.

Giridi yokhala ndi mabokosi ambiri ili ndi ubwino wake wina, umene suli wodzaza maaikoni. Imathandiza kusiya mpata. Pa giridi ya 5x6, mizere iwiri ya pamwamba ingapatsidwe wijeti ya nthawi ndi tsiku, mizere iwiri yapakati n'kukhala yopanda kanthu, ndipo iwiri ya m'munsi n'kusunga maapu khumi. Pansi penipeni pamakhala mzere wosasuntha, umene m'makonzedwe umalembedwa Dock, woyenera maapu anayi kapena asanu monga yoimbira foni, ya mauthenga, WhatsApp ndi kamera. Maapu amaikidwa m'munsi chifukwa ndiko kumene chala chachikulu chimafika foni ikagwidwa ndi dzanja limodzi, monga zimakhalira munthu akaima m'minibasi. Giridi iyenera kusankhidwa maaikoni asanayalidwe. Ikachepetsedwa pambuyo pake, mwachitsanzo kuchoka pa 5x6 kupita pa 4x5, maaikoni osowa malo amakankhidwira pa tsamba lina ndipo mawijeti amasintha kukula kapena kusowa kumene.

Chachiwiri ndi kayendetsedwe ka chala, kamene m'makonzedwe kamapezeka pa Gestures. Aka ndiko kamachotsa maaikoni ambiri pa sikirini, chifukwa ntchito imene ikanafuna aikoni imachitika pongokankha kapena kugogoda pamalo opanda kanthu. Kothandiza kwambiri ndi kukokera chala m'munsi kuchokera paliponse kuti zidziwitso zitsike, zimene zimapulumutsa munthu ku kutambasula chala mpaka pamwamba pa foni yaitali. Kena ndi kugogoda kawiri kuti sikirini izime, komwe kumapumitsa batani la m'mbali. Mu Nova Launcher Prime aikoni imodzi ingagwire ntchito ziwiri: kuidina kumatsegula apu, kuikankha chokwera kumatsegula ina.

Komabe loncha ilibe ulamuliro pa sikirini yonse. Kuyambira pa Android 10, ya mu 2019, foni yeniyeniyo ili ndi kayendetsedwe kakekake ka chala: kukankha kuchokera m'mphepete ya kumanzere kapena kumanja n'kubwerera m'mbuyo, ndipo kukankha kuchokera pansi penipeni n'kupita pa sikirini yoyamba. M'mphepete monsemo muli m'manja mwa Android, choncho kayendetsedwe ka loncha kamayenda bwino kakayambira pakati pa galasi. Palinso kusagwirizana kodziwika bwino. Tsamba loonetsa maapu amene atsegulidwa posachedwa limayendetsedwa ndi loncha yobwera ndi foni, motero loncha yodziikira imatha kuchedwa pang'ono munthu akatuluka mu apu, maaikoni osamva kudina kwa kanthawi kochepa. Mafoni ena a Xiaomi amabwezeretsa mabatani atatu a pansi loncha ina ikasankhidwa. Ngati kuchedwako kukusautsa, mankhwala ake ndi kubwerera ku mabatani atatuwo.

Kugogoda kawiri kuja kumafuna chilolezo chapadera, ndipo apa mpofunika kusamala. Loncha imazimitsa sikirini kudzera mu Accessibility kapena Device admin. Njira yachiwiriyi ili ndi zovuta ziwiri: foni imafuna PIN potsegulanso m'malo molandira chidindo cha chala, ndipo loncha sichotseka mpaka chilolezocho chitazimitsidwa. Njira ya Accessibility ilibe zovuta zimenezo, koma ndi chilolezo champhamvu kwambiri, chimene chingalole apu kuwerenga zolembedwa pa sikirini ndi kudina m'malo mwa mwini foni. Pa foni imene imagwiritsidwa ntchito potumiza ndalama, chilolezo chotere n'choyenera loncha yodziwika yokha, yotengedwa ku gwero lake lenileni. Loncha yolandiridwa ngati fayilo ya APK kuchokera kwa mnzake siyenera kupatsidwa.

Mapaketi a maaikoni amabwera pomaliza, ngakhale ndiwo amakopa anthu poyamba. Paketi ndi apu yodzaza ndi tizithunzi pamodzi ndi fayilo yotchedwa `appfilter.xml`, imene imalumikiza dzina la mkati la apu iliyonse ndi kachithunzi kake. Loncha imawerenga fayiloyo n'kuika tizithunzi tatsopano m'malo mwa takale. Arcticons ndi paketi yaulere ya maaikoni ojambulidwa ndi timizere tating'ono, Whicons ndi ya maaikoni oyera okhaokha, ndipo Lawnicons inapangidwira Lawnchair. Pixel Launcher silandira mapaketi otere, pomwe pa Samsung amalowa kudzera mu Theme Park, mbali ya Good Lock.

Kagwiridwe kameneka ndiko kamafotokoza vuto lofala kwambiri. Apu imene dzina lake mulibe m'fayilo ija sisintha. WhatsApp, Facebook ndi YouTube zimapezeka pafupifupi m'paketi iliyonse, koma maapu a mabanki, a mawayilesi ndi a makampani a mafoni a m'dziko limodzi lokha kawirikawiri amakhala kuti sanajambulidwe. Zotsatira zake ndi mzere wa maaikoni oyera wokhala ndi amodzi ofiira kapena obiriwira pakati, ngati chigamba cha nsalu ina pa malaya. Mapaketi ena amaphimba vutoli poika aikoni yakale m'kabwalo kofanana ndi enawo. Apo ayi, aikoniyo imasinthidwa payokha poidina kwa kanthawi, kusankha Edit kapena Customize, kenako n'kutola kachithunzi kena m'paketimo.

Android ilinso ndi njira yakeyake yosafuna paketi. Kuyambira pa Android 8.0, ya mu 2017, maaikoni amatha kudulidwa onse mofanana, kaya ozungulira kapena a ngodya zinayi. Android 13, ya mu 2022, inalola olemba maapu kuwonjezera aikoni ya mtundu umodzi imene imatengera mtundu wa chithunzi cha kumbuyo, chinthu chimene pa Pixel chinalembedwa Themed icons.

Maaikoni a mtundu umodzi amakongola, koma ali ndi mtengo wake. Diso limapeza apu potengera mtundu lisanawerenge dzina, ndipo zonse zikayera mofanana munthu amayamba kufufuza. Pa sikirini ya maapu khumi okhala malo osasintha vutoli ndi laling'ono, chifukwa chala chimazolowera malo. M'ndandanda wa maapu 60 limakula, makamaka mayina a pansi pa maaikoni akazimitsidwa. N'chifukwa chake mayinawo angachotsedwe pa sikirini yoyamba koma n'kusiyidwa m'ndandanda waukulu.

Loncha sichotsa maapu obwera ndi foni, siwonjezera malo osungira zinthu, ndiponso sichiza batire yotha mphamvu. Kubisa apu ndi Hide apps kumangoichotsa pamaso, koma imakhalabe ikudya malo ndi bando ngati kale. Pa foni ya memole yochepa, Android imatha kutseka loncha pamene apu yolemera ikugwira ntchito, ndipo chizindikiro chake ndi sikirini yopanda kanthu kwa masekondi angapo maaikoni asanabwerere. Kuchepetsa mawijeti ndi kuchotsa loncha pa ndandanda wa maapu amene foni imawatseka posunga batire kumathandiza. Zonse zikakhala m'malo mwake, kayalidweko kamasungidwa ndi Backup, imene ili mu Nova ndi Lawnchair momwe, ndipo fayilo yake iyenera kukoperedwa kunja kwa foniyo, chifukwa loncha ikachotsedwa kayalidwe kake konse kamapita nayo limodzi.