Kalata Yoyamba kwa Mnzanu Wophunzitsana Naye Chilankhulo

Anthu awiri akagwirizana kuti aziphunzitsana zilankhulo zawo, masabata oyambirira amakoma. Amafunsana za kwawo, za chakudya, za nyengo, za abale. Pakapita mwezi nkhani zimenezi zimatha, wina amayamba kuchedwa pa foni, ndipo macheza onse amagwera m'chilankhulo chimene onse awiri ankachidziwa kale. Sipakhala mkangano ayi, zimangozilala. Kawirikawiri gwero lake limakhala zinthu zimene awiriwo anachita manyazi kuuzana poyamba: aliyense akufuna chiyani, nthawi aigawana bwanji, ndipo wolakwitsa akonzedwe motani. Kalata yoyamba ntchito yake n'kunena zimenezi anthu asanazolowerane, chifukwa akazolowerana zimavuta kuzitchula popanda kuoneka ngati ukudandaula.

Kaphunziridwe kameneka ku Ulaya amakatcha tandemu. Kanayambira m'misonkhano ya achinyamata a ku Falansa ndi ku Jeremani chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Mu 1979 Jürgen Wolff anakonza njira yolumikizira anthu awiriawiri, wolankhula Chisipanishi ndi wolankhula Chijeremani, mumzinda wa Madrid, ndipo m'zaka za m'ma 1990 Helmut Brammerts wa pa yunivesite ya ku Bochum anatsogolera ntchito yoti ophunzira a m'mayiko osiyana azichita zimenezi polemberana maimelo. Akatswiri a njirayi amaiimika pa mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yoti onse awiri apindule mofanana, monga zimakhalira pa chipereganyu: walandira lero, mawa upereka. Yachiwiri ndi yoti aliyense ndiye mwini wa maphunziro ake. Mnzakoyo si mphunzitsi, sanaphunzire kuphunzitsa, ndipo sangakusankhire zoti uphunzire. Wosankha ndiwe, ndipo n'chifukwa chake wolemba kalata amakhala wophunzirayo.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene akukonzekera mayeso a Chijeremani a gawo la B1. Wapeza mnzake, wophunzira udokotala ku Jeremani, amene akufuna Chichewa chifukwa adzabwera kudzagwira ntchito pachipatala china kuno kwa miyezi ingapo. Mwambo wa tandemu wa pa imelo ndi wolemba theka m'chilankhulo chako, theka m'cha mnzako, koma pano kalatayo tiiona yonse m'Chichewa.

"Okondedwa anzanga, zikomo povomera kuti tiphunzitsane. Ndikufuna ndikuuzeni kumene ndili ndi kumene ndikufuna kufika. Kuwerenga Chijeremani ndimatha pang'ono, koma polankhula ndimakakamira. Pakutha pa masabata 12 ndikufuna ndizitha kufotokoza nkhani imodzi kwa mphindi zitatu osawerenga papepala, komanso kukonza pulogalamu ndi munthu wina, monga ya ulendo kapena ya phwando. Inunso mundiuze zinthu ziwiri kapena zitatu zimene mukufuna kumatha kunena m'Chichewa.

"Maganizo anga ndi awa. Tiziimbirana Loweruka lililonse 4 koloko madzulo, nthawi ya kuno ku Malawi, kwa ola limodzi: mphindi 30 Chijeremani chokhachokha, mphindi 30 Chichewa chokhachokha, ndipo tizisinthana chilankhulo choyambira. Chingerezi tisachigwiritse ntchito, kupatula ngati tayesa kawiri kufotokozerana ndipo zakanika. Lachitatu aliyense azitumizira mnzake uthenga wojambula mawu wa mphindi imodzi ndi ziganizo zisanu zolemba, ndipo mayankho azifika pasanathe Lachisanu.

"Ndikamalankhula musandidule. Muzilemba zolakwa zanga ndipo ndikamaliza mundiuze zitatu zokha, makamaka za malo a mneni m'chiganizo. Inu mundiuze mmene mukufunira kuti ndizikukonzani. Kuno magetsi amazima ndipo netiweki imavuta. Zikatero ndizikutumizirani uthenga, ndipo tiziyesanso Lamlungu nthawi yomweyo. Tikakwanitsa masabata anayi tidzaonenso ngati dongosololi likutithandiza tonse. Chimene simukugwirizana nacho musinthe, musaope."

Kalatayi ndi yaifupi, koma chiganizo chilichonse chili ndi chifukwa chake. Tiyambe ndi cholinga. Mtsikanayu sanalembe kuti akufuna kudziwa bwino Chijeremani, chifukwa mawu otero mnzakeyo sangachite nawo kanthu. Watchula zinthu ziwiri zimene munthu angamvetsere n'kunena kuti zatheka kapena sizinatheke, ndipo sanazitole m'mutu. Pamayeso a B1 a bungwe la Goethe-Institut pali zigawo zinayi, kuwerenga, kumvetsera, kulemba ndi kulankhula, ndipo chilichonse chimafuna mapointi 60 mwa 100. Pachigawo cholankhula, olemba mayeso amalowa awiriawiri, n'kukonza chinthu limodzi, kenaka aliyense n'kufotokoza mutu wake kwa mphindi pafupifupi zitatu ndi kuyankha mafunso. Choncho mnzake wa ku Jeremani akawerenga kalatayi akudziwiratu chochita Loweruka: akhala ngati mnzake wa m'chipinda cha mayeso, ayang'ana wotchi, afunsa funso. Iyenso akayankha kuti akufuna kumatha kufunsa wodwala pamene pakupweteka, pamene zinayambira ndi mankhwala amene wamwa kale, mtsikanayu akudziwa kuti theka lake la ola akhala wodwala kapena womudikirira.

Ndi bwino kuwerengetsa, kuti pasakhale kudzinamiza. Mphindi 30 pa sabata kwa masabata 12 ndi maola asanu ndi limodzi okha olankhula Chijeremani. Bungwe lomwelo limati munthu kuti afike pa B1 amafunika maphunziro apakati pa 350 ndi 650, a mphindi 45 lililonse. Ndiye kuti tandemu sangalowe m'malo mwa kalasi ndi buku. Ndi malo oyeserera pakamwa zimene waphunzira kwina, ndipo kalata yolonjeza zoposa pamenepo ikukonzera onse awiri kukhumudwa.

Nkhani yogawa ola pakati imaoneka ngati kuumira, koma ndi imene imasunga ubwenziwo. Anthu awiri akamacheza mosaganizira, chilankhulo chimene onse amachitha bwino ndicho chimapambana. Mtsikanayu ali pafupi ndi B1 pamene mnzakeyo akungoyamba kumene Chichewa, choncho macheza angakome kwambiri m'Chijeremani, ndipo mnzakeyo angamalize mwezi wathunthu akungodziwa moni. Munthu wotere sadandaula, amangoyamba kutanganidwa Loweruka. Kusinthana chilankhulo choyambira kulinso ndi chifukwa: theka lachiwiri ndi limene limadyedwa ndi kutopa, kutha kwa bandulo kapena mlendo wogogoda pakhomo, ndiye lisamagwere munthu mmodzi yemweyo sabata iliyonse.

Koma mdani wamkulu pa awiriwa ndi Chingerezi. Onse amachilankhula, ndipo chimapezeka pafupi nthawi iliyonse mawu akasowa. Vuto ndi lakuti mphindi imene mawu asowa ndi imene munthu amaphunzira kwambiri, chifukwa amakakamizika kuzungulira, kufotokoza chinthucho ndi mawu ochepa amene ali nawo, kufunsa kuti chimatchedwa chiyani. Ine ndimaona kuti lamulo loletseratu Chingerezi silikhalitsa, makamaka pamene wina akungoyamba kumene. Lamulo loti muyese kawiri kaye ndi lotheka kulisunga. Chizindikiro choti lasweka n'chosavuta kuchiona: mukadula foni muli osatopa m'pang'ono pomwe, ndipo papepala mulibe mawu atsopano.

Pa za kukonzana m'pamene pamagona ulemu wambiri, ndipo ulemuwo ukhoza kuwononga. Mmalawi akamva mlendo akuyesa Chichewa amasangalala, amamuyamikira kuti watha, ndipo kumuuza kuti walakwitsa kumaoneka ngati mwano. Winayo angachite zosiyana: kukonza liwu lililonse poganiza kuti ndiko kuthandiza, mpaka wolankhulayo kuiwala chimene amanena. Kalata imachotsa zonsezi popereka chilolezo ndi malire. Zitatu zokha, pamapeto, ndiponso za mtundu umene wophunzirayo watchula yekha. Mtsikanayu wasankha malo a mneni chifukwa m'Chijeremani mneni amapita kumapeto kwa chiganizo chodalira chinzake, monga choyamba ndi mawu otanthauza "chifukwa", ndipo wozolowera Chichewa ndi Chingerezi amapunthwa pomwepo mobwerezabwereza.

Mnzakeyo naye ali ndi pake popunthwa, ndipo mtsikanayu angamuthandize kusankha. Olankhula Chijeremani amatulutsa kampweya akamatchula p, t ndi k kumayambiriro kwa liwu, moti pofuna kunena "kola" zimamveka ngati "khola", ndipo "pala" amasanduka "phala". Palinso kugwirizana kwa mawu: "chipatala chathu chili pafupi" koma "zipatala zathu zili pafupi". Apa mtsikanayu ayenera kudziwa malire ake. Akhoza kunena mosakayika kuti chiganizo ichi chikumveka bwino, ichi ayi, ife timanena chonchi. Akafunsidwa chifukwa chake, mwina sangathe kufotokoza, ndipo palibe cholakwika kumuuza mnzakeyo kuti akaone m'buku la galamala. Choipa n'kupeka lamulo pofuna kubisa manyazi.

Uthenga wa Lachitatu umathandiza kuti masiku asanu ndi awiri asadutse popanda kukhudza chilankhulocho, ndipo sudya bandulo ngati foni ya kanema. Ubwino wake wina ndi wakuti umasungika. Pa sabata yachinayi munthu angamvetserenso uthenga wake woyamba n'kudzimvera yekha ngati kukakamira kwachepa.

Kanthu kakang'ono kamene ambiri amakaiwala ndi wotchi. Ku Malawi nthawi siisintha chaka chonse, pamene ku Jeremani amasuntha mawotchi kawiri pachaka. Kuchokera Lamlungu lomaliza la Marichi kufika Lamlungu lomaliza la Okutobala nthawi ya mayiko awiriwa imafanana. Miyezi yotsalayo Jeremani imatsalira ndi ola limodzi, moti 4 koloko ya ku Zomba imakhala 3 koloko kumeneko. N'chifukwa chake kalata yanena kuti "nthawi ya kuno ku Malawi". Palinso nkhani ya kaitanidwe. Mtsikanayu walemba "inu", monga zimayenera kwa munthu amene sanakumane naye. Chijeremani nacho chimasiyanitsa kaitanidwe kaulemu ndi ka anthu ozolowerana, ndipo ophunzira anzawo amafulumira kugwiritsa ntchito kachiwiriko. Angagwirizane kuti m'Chijeremani azilankhulana ngati anzawo, koma m'Chichewa mnzakeyo azolowere "inu", popeza ndi mmene adzalankhulire ndi odwala akuluakulu.

Kalata ikapita, yankho lake liwerengedwe mosamala. Mnzakeyo akangoti zonse zili bwino, osatchula cholinga chake ngakhale chimodzi, ndiye kuti theka lake la ola lilibe chochita, ndipo mtsikanayu ndi amene azidzavutika kupeka nkhani Loweruka lililonse. Ayenera kumulemberanso, mwina n'kumupatsa zitsanzo zoti asankhepo, monga kulonjera odwala m'wodi, kufunsa zizindikiro za matenda, kapena kunenerera mtengo pamsika. Akayankha kuti Loweruka silingatheke koma Lolemba madzulo, ndipo iye akufuna kukonzedwa nthawi yomweyo pa katchulidwe, dongosolo lisinthidwe motero, ndipo tsiku la foni yoyamba ndi la kuunikanso pa sabata yachinayi alembe onse awiri pakalendala.