Chikhakha chothina: mungatsimikize bwanji kuti achipatala analakwa?

Tiyerekeze kuti mwana wa ku Ngauma wagwa mumtengo wa mango ndipo wathyoka mkono. Kuchipatala amuika chikhakha. M'mawa mwake zala zatupa, zazizira, ndipo mwana akulira osatonthola. Mayi ake abwerera naye, koma wachipatala angomupatsa mankhwala opha ululu n'kuwauza kuti apite kunyumba. Patapita masabata, zala zapindika ndipo sizikuwongokanso.

Banjali lili ndi chifukwa chokwiyira. Koma khoti limafuna umboni. Ndime 487 ya Código Civil imanena kuti wovulazidwa ndiye ayenera kusonyeza kuti winayo analakwa.

Woweruza amafunsa choyamba kuti: kodi wachipatala wosamala, wodziwa ntchito yake, akanachita chiyani tsiku limenelo? Kuthyoka mkono si mlandu wa chipatala, ndipo nthawi zina munthu sachira bwino ngakhale atathandizidwa moyenera. Koma zala zotupa ndi zozizira ndi chizindikiro chakuti magazi sakuyenda bwino. Zikatero, chikhakha chiyenera kung'ambidwa nthawi yomweyo. Ngati pamalopo sangathe kuthandiza, mwana ayenera kutumizidwa msanga ku chipatala chachikulu, monga cha ku Cuamba kapena ku Lichinga.

Funso lachiwiri ndi lovuta kwambiri: kodi kulakwa kumeneko n'kumene kunawononga dzanja? Achipatala akhoza kuyankha kuti mtsempha unawonongeka kale pamene mwana anagwa. Akhozanso kunena kuti mayi sanabwerere n'komwe. Apa timapepala tija timataya kapena kukulungira mtedza timakhala tofunika. Pepala la mankhwala lokhala ndi deti la ulendo wachiwiri limasonyeza kuti mayi anabweradi. Sungani khadi la mwana, chithunzi cha fupa ndi kalata yotumizira wodwala kwina. Jambulani dzanjalo pa foni. Lembani tsiku, ola ndi mawu amene munauzidwa, kapena pemphani wachibale akulembereni.

Komabe mayi sangafotokoze yekha za mitsempha. Pamafunika dokotala wina woti apime mwana, awerenge zimene chipatala chinalemba, kenako alembe lipoti lonena chimene chinawononga dzanja. Popanda lipoti lotere, mlandu umalimba kwambiri.

Ngati chipatala chili ndi Gabinete do Utente, yambirani pamenepo. Perekani dandaulo lolemba ndipo musunge kope lake. Bungwe la Ordem dos Médicos limayang'ana khalidwe la madokotala, koma chipukuta misozi chimalamulidwa ndi khoti. Ngati chipatala ndi cha boma, mlandu wotere umapita ku Tribunal Administrativo, ndipo ndime 58 ya malamulo aakulu a dziko imati boma limayankha pa zolakwa za antchito ake. Amene alibe ndalama za loya apite ku IPAJ, kumene amathandiza kwaulere.

Musadikire kuti mwana akule kaye. Ndime 498 ya Código Civil imapereka zaka zitatu zopemphera chipukuta misozi, kuwerengera kuyambira tsiku limene munadziwa kuti mwalakwiridwa.