Khosi la mwana likauma, thamangirani kuchipatala

Mwana wa zaka zinayi watentha thupi kuyambira usiku, akusanza ndipo akubisa nkhope kuthawa kuwala. Mayi ake akuganiza kuti ndi malungo. Koma pomuweramitsa mutu kuti chibwano chikhudze chifuwa, khosi lili gwa, mwanayo akulira ndi ululu. Apa madokotala amaganizira za meninjaitisi, kutupa kwa timakungu tokuta ubongo. Kwa khanda khosi silingaume, koma liwombo limatukumuka ndipo limakana bere.

Kuchipatala amatenga madzi a mumsana ndi jakisoni, m'munsi cha m'chiuno. Madzi abwino amakhala mbee ngati akumwa. Akatuluka otuwa ngati otsukira mpunga, muli maselo oyera ambirimbiri, mapuloteni akwera, shuga watsika kusafika theka la wa m'magazi: ameneyo ndi bakiteriya akudya shugayo. Akakhala oyera, maselo ochepa, shuga wabwinobwino, kawirikawiri ndi vairasi.

Wa bakiteriyayu amapha msanga kapena kugonthetsa makutu, n'chifukwa chake jakisoni wa seftriakisoni amayamba zotsatira zisanatuluke. Makolo, musaope singano ya kumsana, opani kuchedwa.