Mpweya Wophikira Wochokera ku Ndowe: Kukula kwa Thanki ndi Kadyetsedwe Kake

Alimi ambiri akamva za bayogasi amayamba ndi kufunsa mtengo wa simenti ndi njerwa. Koma funso loyamba liyenera kukhala ili: kodi khola langa limatulutsa ndowe zochuluka bwanji pa tsiku? Thanki ya bayogasi ili ngati mimba ya ng'ombe. M'kati mwake muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timaoletsa ndowe popanda mpweya wa kunja, ndipo potero timatulutsa mpweya woyaka. Thanki yaikulu yopanda chakudya chokwanira ndi ndalama zotayika.

Yambani ndi kuyeza ndowe

Kwa mlungu wathunthu, wolani ndowe zaziwisi m'mawa uliwonse ndi kuziyeza ndi chidebe cha malita 20. Chidebe chotere chikadzaza chimalemera pafupifupi makilogalamu 20. Musawerengere mitu ya ng'ombe yokha. Ng'ombe za mkaka zodyera m'khola zimasiya ndowe zonse pamalo amodzi, pamene ng'ombe zathu zachikuda zimataya zambiri kubusa ndipo inu mumangopeza za usiku. N'chifukwa chake ng'ombe ziwiri kapena zitatu za mkaka zingathe kufanana ndi zachikuda zisanu ndi ziwiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Titenge banja limene limaphika maola atatu pa tsiku pa mbaula imodzi. Mbaula yotere imadya mpweya wokwana malita pafupifupi 400 pa ola, ndiye kuti banjali lifuna malita 1,200 pa tsiku. Kilogalamu imodzi ya ndowe zaziwisi imapereka mpweya pafupifupi malita 40. Choncho pafunika makilogalamu 30, kapena kuti chidebe chimodzi ndi theka, tsiku lililonse.

Ndowezo zimasakanizidwa ndi madzi muyezo wofanana mpaka zikhale ngati phala lopyapyala. Chidebe ndi theka cha ndowe, chidebe ndi theka cha madzi, pamodzi ndi malita 60. Phalali liyenera kukhala m'thanki masiku pafupifupi 50 kuti liole bwino lisanatulukire mbali ina. Tikachulukitsa 60 ndi 50 tipeza malita 3,000. Tikaonjezera malo a pamwamba osungira mpweya, pafupifupi malita 1,000, thanki yoyenera banjali ndi ya malita 4,000.

Masiku 50 amenewa amasintha ndi nyengo ya dera, pakuti tizilombo tija timakonda kufunda. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje masiku 40 angakwane, koma kumalo ozizira ngati Dedza werengerani masiku 60, ndiye thanki ikulirapo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mpweya umachepa ngakhale mudyetse bwino. Musadandaule: yanikani madzi osakanizira padzuwa ndi kuthira phala masana. Ganiziraninso za madziwo musanamange. Ngati chitsime chili kutali, malita 30 tsiku ndi tsiku ndi mtolo wina pamutu pa amayi ndi ana.

Zotsala za kukhitchini

Mkute, makoko a nthochi, a mbatata ndi masamba ofota zimatulutsa mpweya wochuluka kuposa ndowe, pakuti ndowe ndi chakudya chimene ng'ombe yachotsamo kale mphamvu zambiri. Koma ngozi ilinso pomwepa. Zotsalazi zimasasa msanga, ndipo tizilombo topanga mpweya woyaka sitipirira kuwawasa.

Choncho dzazani thanki yatsopano ndi ndowe ndi madzi zokha. Mpweya woyamba umakana kuyaka. Utulutseni panja, kutali ndi moto. Lawi likakhazikika kwa milungu ingapo, yambani kuthira zotsala pang'ono, monga mbale imodzi pa tsiku, zodulidwa kapena zosinjidwa mu mtondo. Onjezerani pang'onopang'ono, koma ndowe zikhale zochuluka nthawi zonse. Kukakhala ukwati kapena maliro, musakhuthulire nsima yonse yotsala tsiku limodzi. Igaweni masiku angapo.

Musathiremo mafupa, zitsononkho kapena mapesi, chifukwa zimatseka mapaipi kapena kuyandama n'kuuma pamwamba. Mchenga wa m'khola umadikha pansi n'kuchepetsa malo. Madzi a sopo, mankhwala a dipi ndiponso ndowe za ng'ombe imene ikubayidwa jekeseni wa matenda zimafooketsa tizilombo tija.

Mudzadziwa bwanji kuti thanki yasasa?

Lawi labwino ndi la buluu, ndipo manyowa otuluka amakhala akuda, osanunkha kwambiri. Mukaona mpweya ukuchepa pamene kunja kukufunda, lawi likuzimazima, manyowa akutuluka otuwa ndi fungo lowawasa, thanki yadya mopitirira. Ambiri apa amalakwa poonjezera chakudya poganiza kuti ili ndi njala. Lekani zotsala zonse, muipumitse masiku angapo, kenaka yambaninso ndi ndowe zokha. Kuchira kumatha kutenga milungu iwiri kapena kuposerapo. Koma ngati manyowa ali bwino pamene mpweya sukufika pa mbaula, vuto lili m'njira: khuthulani madzi amene amadikha m'paipi, ndipo pakani thovu la sopo m'molumikizira monse kuti muone pamene pakutuluka mpweya.