Bajeti ya ngozi imakonzedwa mvula isanagwe

Namondwe Freddy atawomba chigawo cha kummwera m'Marichi 2023, anthu oposa 500,000 anasiya nyumba zawo n'kukathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Ku Nsanje, Phalombe ndi Mulanje misewu ndi milatho inaduka. Pa nthawi yotere, chiwerengero cha m'mawa chimakhala chitasintha pofika madzulo. Nanga ndalama zake zimakonzedwa bwanji?

Odziwa ntchitoyi amayamba ndi mtengo wosamalira banja limodzi. Tiyerekeze kuti pa sukulu ina pafika mabanja 200, ndipo banja lililonse lilandira thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa mwezi. Ngati thumba lili pa K40,000, pafunika K8,000,000. Patatha masiku atatu mabanja akwana 350. Wolemba bajeti sayambanso poyambirira. Amangochulukitsa, n'kupeza K14,000,000. Madzi ndi zimbudzi amawerengeranso chimodzimodzi: muyezo wodziwika ndi malita 15 pa munthu patsiku, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 20.

Koma si zonse zimene zimayendera chiwerengero cha anthu. Mlatho ukakokoloka, lole imazungulira kutali kapena katundu amakwera bwato, ndipo ndalama ya mayendedwe imalumpha. N'chifukwa chake bajeti yabwino imapatula ndalama yapadera, mwachitsanzo K10 pa K100 iliyonse, yoyembekezera zadzidzidzi. Imalolanso kusamutsa ndalama: ngati kolera yabuka pamsasa, ya mabulangete ikhoza kugula kolorini tsiku lomwelo, bola chifukwa chake chilembedwe.

Pamene zinthu zimachedwa kwambiri ndi pa chilolezo. Kalata ikamayenda maofesi asanu, ana pamsasa amagona ndi njala. Njira yake ndi kugwirizana malire mvula isanayambe. Mwachitsanzo, woyang'anira msasa aloledwe kugula zosapitirira K500,000 nthawi yomweyo, bwanamkubwa avomereze zofika K5,000,000 pasanathe maola 24, ndipo zoposa pamenepo zipite kulikulu, monga ku DoDMA ngati ndalamazo ndi za boma. Aliyense wa iwo akhale ndi wogwirizira mpando akachokapo. Ogulitsa chimanga, mafuta ndi mapepala apulasitiki asankhidwiretu, mitengo yawo igwirizanidwe, kuti pa tsiku la ngozi pasakhale kuthamangira makotesheni atatu.

Changu sichichotsa kuwerengera. Pa ndalama iliyonse yotuluka asayine anthu awiri, lisiti isungidwe, ndipo wogula asakhale yemweyo wolandira katundu. Sabata iliyonse ayerekeze zimene zagwiritsidwa ntchito ndi mabanja amene alandira. Ngati ndalama yapadera yatha sabata yoyamba, kapena matumba otuluka m'nkhokwe akuposa mayina a m'kaundula, pali polakwika, ndipo pakonzedwe sabata yomweyo.

Khonsolo kapena bungwe limene likufuna kuthandiza msanga mu Januwale lisayine malire amenewa mu Okutobala.