Kugula Masheya: Kamodzi Kapena Pang'onopang'ono?

Kuyambira 2023 NAPSA imalola mamembala oyenerera kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za penshoni. Ena kuno ku Livingstone akufunsa: tigule masheya pa msika wa LuSE nthawi imodzi, kapena mwezi ndi mwezi?

Tiyerekeze kuti muli ndi K12,000 ndipo sheya imodzi ili pa K10. Mukagula kamodzi, mupeza masheya 1,200. Mtengo ukakwera, onsewo akupindulirani. Ukagwa mawa, onse agwa nawo.

Tsopano gawani ndalamayo patatu, K4,000 pamwezi. Mtengo ukayenda K10, K8, K10, mupeza 400, 500 ndi 400, onse pamodzi 1,300. Koma ukamangokwera, K10, K12.50, K16, mupeza 970 okha. Komanso wokugulirani masheya amadulapo yake nthawi iliyonse, ndipo ndalama yodikira imachepa mphamvu zinthu zikamadula.

Choncho kugula kamodzi kumapambana mitengo ikamakwera. Kugula pang'onopang'ono kumateteza amene angachite mantha n'kugulitsa moluza mtengo ukagwa. Njira zonse ziwiri zikhoza kuluzitsa, choncho ndalama ya sukulu ya ana musaiikemo.