Owunika Kafukufuku Akafunsa Kuti: Anthu Amenewa Munawasankha Bwanji?

Wochita kafukufuku akatumiza lipoti lake ku magazini ya zachipatala, monga Malawi Medical Journal, sililoledwa kusindikizidwa nthawi yomweyo. Mkonzi amalipereka kwa akatswiri awiri kapena atatu, amene nthawi zambiri mayina awo amabisidwa, kuti aliwunike. Pakapita milungu kapena miyezi, kalata imabwera itadzaza ndi mafunso. Pa kafukufuku wa matenda a maganizo, funso lovuta kwambiri limakhala lokhudza anthu amene anafunsidwa. Anali ndani? Anapezeka kuti? Nanga amene sanafunsidwe?

Funsoli limavuta chifukwa masamu akalakwika munthu amangowerengeranso, chiganizo chikapanda kumveka amachilembanso, koma anthu amene sanafunsidwe chaka chatha sangabwererenso m'kafukufuku amene anatha kale.

Tiyerekeze namwino wina amene anafuna kudziwa kuchuluka kwa amayi oyamwitsa amene akuvutika maganizo. Anakhala kusikelo ya ana pachipatala cha boma lina, napempha amayi 360 kuti ayankhe mafunso a SRQ-20, mndandanda wa mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, umene unakonzedwa ndi bungwe la WHO ndipo ulipo wa m'Chichewa umene unayesedwa kale ku Malawi. Amayi 300 anavomera, ndipo 60 mwa iwo anapezeka ndi zizindikiro zambiri. Namwinoyo analemba kuti mayi mmodzi mwa amayi asanu alionse oyamwitsa m'bomalo akuvutika maganizo.

Wowunika woyamba analemba kuti amayi a kusikelo sangaimire amayi a boma lonse. Apa wowunikayo akunena zoona, ndipo kutsutsana naye n'kudzitayira nthawi.

Vutoli si lachilendo. Mu 1946, Joseph Berkson wa ku Mayo Clinic ku America anasonyeza kuti kuwerenga odwala a m'chipatala okha kungapereke chithunzi cholakwika cha mmene matenda amayendera pakati pa anthu wamba. Mu 1984, Patricia Cohen ndi Jacob Cohen anafotokoza zofanana ndi zimenezi pa matenda a maganizo: dokotala amaona mobwerezabwereza odwala amene matenda awo akhalitsa, pamene ochira msanga sabweranso, motero amayamba kuganiza kuti matendawo ndi ouma kuposa mmene alili. Munthu amene angafufuze ku Zomba Mental Hospital kokha angakumane ndi msampha womwewu. Matendawo pawokha ndi amene amasankha munthu wofika pachipatala ndi wotsala kunyumba.

Ndiye namwino uja ayankhe bwanji? Mwambo wake ndi wakuti alembe kalata yopita kwa mkonzi, akopere ndemanga iliyonse ya wowunika mmene inalembedwera, aipatse nambala, ndipo pansi pake aike yankho, mawu atsopano amene alowa m'lipoti, komanso tsamba ndi mzere pamene mawuwo ali. Mkonzi ali ndi malipoti ambiri pa tebulo, sangayambe kusakasaka yekha. Yankho la ndemanga yoyambayi lingakhale lotere: "Tikuvomereza. Tasintha mutu wa lipoti komanso chidule chake kuti zinene za amayi obwera kusikelo ya pachipatalachi, osati amayi a boma lonse. Onani tsamba 1, mzere 2, ndi tsamba 14, mzere 5 mpaka 12."

Olemba ambiri amathera pamenepa, n'kungoponya chiganizo chimodzi chakuti zotsatirazi zitengedwe mosamala. Owunika odziwa ntchito sakhutira nacho, chifukwa chimene akufuna kumva n'chakuti nambalayo yapendekera mbali iti. Mayi amene wafookeratu ndi maganizo mwina sangathe n'komwe kubereka mwana kumbuyo n'kuyenda mtunda wopita kusikelo, ndipo ngati zili choncho 20 pa 100 ndi nambala yochepa kuposa yeniyeni. Komanso mayi amene mwana wake amadwaladwala amabwera pachipatala kawirikawiri, ndipo mayi wotereyu angakhale ndi nkhawa zambiri kuposa anzake, zimene zingakweze nambalayo. Namwinoyo ayenera kulemba mbali zonse ziwiri, n'kunena poyera kuti kafukufuku wake sangathe kusonyeza imene yakula.

Ndemanga yachiwiri inali ya amayi 60 amene anakana. Apa m'pamene pali ntchito yeniyeni, chifukwa yankho lake ndi manambala. Ngati mwa okanawo munalibe wovutika maganizo ngakhale mmodzi, ndiye kuti odwala ndi 60 mwa 360, pafupifupi 17 pa 100. Ngati onse anali ovutika maganizo, odwala ndi 120 mwa 360, pafupifupi 33 pa 100. Chenicheni chili penapake pakati pa manambala awiriwa, ndipo kuwaika onse m'lipoti kumasonyeza wowunika kukula kwa mpata umene okanawo asiya.

Namwino angaonjezerenso zina ngati anali wosamala pa nthawi ya kafukufuku. Ngati analemba zifukwa zimene amayiwo anapereka, monga kuthamangira minibasi kapena kufuna kaye chilolezo cha bambo akunyumba, aziike m'lipoti. Malangizo a STROBE, amene anatuluka mu 2007 ndipo ali ndi mfundo 22, amapempha olemba kuti anene anthu angati anapemphedwa, angati analowa, ndi chifukwa chimene ena anatsalira. Ngati komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa inalola kusunga msinkhu wa okanawo kapena mtunda umene amachokera, angawayerekeze ndi ovomera. Ngati sanalembe kanthu, anene kuti sanalembe. Kupeka zifukwa panopa ndi chinyengo, ndipo lipoti lopezeka ndi zopeka limachotsedwa m'magazini ngakhale litasindikizidwa kale.

Ndemanga yachitatu inachokera kwa wowunika wachiwiri, amene anati amayi 300 ndi ochepa ndipo kafukufukuyo abwerezedwe khomo ndi khomo m'midzi. Pano namwino ali ndi ufulu wokana, bola akane ndi umboni. Masamu odziwika bwino amasonyeza kuti wofufuza amene akuyembekeza kupeza pafupifupi 20 pa 100, ndipo akulola kuphonya ndi 5 kumwamba kapena kumunsi, amafunika anthu 246. Ndi amayi 300, nambala yake ili pakati pa 15.5 ndi 24.5 pa 100, ndipo malire amenewa alembedwe pafupi ndi 20 uja paliponse pamene akutchulidwa. Koma asadzitame nawo kwambiri. Malirewa amangonena za kusinthasintha kobwera mwamwayi, sakhudza za okana aja, ndipo ngakhale akanafunsa amayi 3,000 pasikelo yomweyo, otsala kunyumba akanakhalabe osawerengedwa. Za kafukufuku wa khomo ndi khomo, ayankhe mwaulemu kuti ndi ganizo labwino koma ndi kafukufuku wina, wofuna ndalama zake ndi chilolezo chake, ndipo wamutchula m'lipoti ngati ntchito yotsatira.

Pali kachinthu kena kamene kamagwetsa anthu. Wowunika nthawi zina amafunsa zimene zinalembedwa kale m'lipoti, mwachitsanzo ngati amayiwo ankasankhidwa mwachisawawa kapena aliyense wofika ankapemphedwa. Kuyankha kuti akanawerenga bwino akanaziona kumangokwiyitsa munthu amene kalatayo ibwerera m'manja mwake. Olemba ozolowera amasuntha chiganizocho n'kuchiika poonekera, n'kulemba kuti achimveketsa bwino pa tsamba lakutilakuti. Owunika awiri akasemphana, wina akufuna tebulo la manambala lichotsedwe pamene mnzake akufuna liwonjezeredwe, wolemba amasankha chimodzi, amafotokoza chifukwa chake pansi pa ndemanga zonse ziwiri, ndipo amapempha mkonzi kuti agamule.